Mphindi zoyamba za difensi: mafunso ndi mayankho pa kudzitchula ndi kunena funso la kafukufuku

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi a kuno ku Mchinji amene akuchita digiri yachiwiri uku akugwira ntchito, ndipo tsiku lokateteza kafukufuku wawo pamaso pa komiti layandikira. Akukhudza chiyambi chokha cha difensi. Pofuna kuti nkhani isabalalike, mayankho onse akutsata chitsanzo chimodzi chongoyerekeza, cha mlangizi wa zaulimi wa ku Mkanda amene wafufuza za chuku mu mtedza.

1. Kodi chiyambi cha difensi chimayambira pati, nanga chimathera pati?

Chimayamba pamene wapampando wakupatsani mpata woyankhula, ndipo chimatha mukangomaliza kunena funso la kafukufuku wanu ndi kuuza komiti ndondomeko imene mutsate. M'kati mwake muli malonje, dzina lanu ndi digiri imene mukuyesedwera, mutu wa thesisi, vuto limene linakutumani kukafufuza, ndi funso lenilenilo.

Nthawi yonse yofotokozera kafukufuku pa digiri yachiwiri imakonda kukhala mphindi 15 kapena 20, ndipo mafunso amabwera pambuyo pake. Dipatimenti iliyonse ili ndi mwambo wake, choncho tsatirani zimene zalembedwa m'kalata yokuitanani, osati zimene anakuuzani mnzanu amene anayesedwa ku Zomba pamene inu mukayesedwa ku Bunda kapena ku Mzuzu. Pa mphindi zimenezo, chiyambi chisapitirire ziwiri kapena zitatu. Munthu woyankhula modekha amanena mawu pafupifupi 120 pa mphindi, ndiye kuti zonse zimene mukufuna kunena pachiyambi ziyenera kukwana pa tsamba limodzi.

2. Ndani amakhala m'chipindamo, ndipo amakhala akudziwa kale zotani?

Kawirikawiri mumakhala wapampando, amene ntchito yake ndi kusunga nthawi ndi kuona kuti malamulo akutsatidwa, woyesa wa pa yunivesite yomweyo, ndi woyesa wochokera ku yunivesite ina, amene nthawi zina amalowa kudzera pa intaneti kapena amangotumiza lipoti lake kuti liwerengedwe. A supavaiza anu akhoza kukhalapo, koma m'malo ambiri sayembekezeka kukuyankhirani, ndipo kuwayang'ana pafupipafupi ngati mwana wofuna thandizo kumaonetsa ngati ntchitoyo ndi yawo.

Chimene ophunzira ambiri amaiwala ndi chakuti oyesawo anawerenga kale thesisi yanu ndipo analemba ndemanga zawo musanalowe. Sakudikira kuti muwaphunzitse kuti Mchinji ili m'malire a dziko lino ndi Zambia, kapena kuti anthu ambiri kuno ndi alimi. Akumvetsera kuti aone ngati munthu amene waima patsogolo pawo ndi yemweyo amene analemba bukulo, komanso ngati funso limene mukunena pakamwa ndi lomwe lija limene mitu ya m'bukumo inayankha.

3. Kodi ndiyenera kutchula aliyense polonjera, monga timachitira pa msonkhano wa kumudzi?

Ayi. Pa msonkhano wa kwa a Gulupu, kulumpha mfumu imodzi kapena mkulu wa mpingo ndi mlandu, ndipo ife tinakulira m'mwambo umenewo, moti pakamwa pamayabwa tikafupikitsa malonje. Koma pa difensi ulemu umapita kwa wapampando, ndipo kudzera mwa iwo umafika kwa onse. Ndi zokwanira kunena kuti: "Zikomo a Wapampando, zikomo akuluakulu a komiti, chifukwa cha mpata umenewu." Chiganizo chimodzi chimenecho chakwaniritsa mwambo wonse.

Mukasankha kutchula mayina, tchulani onse ndi maudindo awo olondola, ndipo muyambe mwafunsa ku ofesi ya dipatimenti kuti ndani ndi Pulofesa, ndani ndi Dokotala. Kutchula Pulofesa kuti Dokotala sikungakulepheretseni mayeso, koma mukazindikira cholakwacho muli pakati pa chiganizo mumasokonezeka, ndipo nkhawayo imakutsatirani mpaka pa funso la kafukufuku. Kuthokoza makolo, apabanja, a mpingo ndi amene anakulipirirani fizi kuli ndi tsamba lake m'bukumo. Ngati amene anapereka ndalama za kafukufuku ali ndi gawo pa nkhani imene munafufuza, monga kampani yogula mtedza, amenewo atchuleni, osati powathokoza koma poulula, pa chifukwa chimene chafotokozedwa pa funso 4.

4. Za ine mwini ndinene zotani? Komiti sikundidziwa kale?

Nenani dzina lanu monga lalembedwera pachikuto cha thesisi, digiri imene mukuyesedwera, ndi dzina la a supavaiza. Kumene munaphunzira pulaimale ndi sekondale, chaka chimene munayamba ntchito, ndi mavuto amene munadutsamo kuti mufike pano, zonsezo ndi zoona koma si za komiti.

Pali chinthu chimodzi cha moyo wanu chimene muyenera kuchinena, ndicho ubale wanu ndi anthu kapena malo amene munafufuza. Mlangizi wathu wa ku Mkanda anafunsa mafunso alimi omwewo amene wakhala akuwalangiza kuti asamanyowetse mtedza pouswa. Mlimi akafunsidwa ndi alangizi ake kuti, "Kodi mumawaza madzi mtedza musanaswe?", n'kosavuta kuyankha kuti ayi, chifukwa akudziwa yankho limene alangiziwo akufuna kumva. Woyesa wodziwa ntchito yake aliona vuto limeneli ngakhale inu mutalibisa, ndipo akaliulula yekha pa nthawi ya mafunso mumaoneka ngati simunalizindikire kapena munafuna kuzemba. Choncho mlangiziyo anene yekha pachiyambi kuti amagwira ntchito m'dera lomwelo, ndi kuti chifukwa cha ichi mafunso anakafunsa ndi anthu ena amene alimiwo sawadziwa ngati alangizi, ngati ndi mmene zinayendera. Ngati anafunsa yekha, anene zomwezo, ndipo akonzeke kufotokoza mmene zimenezi zikanapotozera mayankho.

Zimenezi zikukhudzanso mphunzitsi amene anafufuza pa sukulu imene amaphunzitsa, ndi namwino amene anafunsa odwala a pa chipatala chake.

5. Mutu, cholinga ndi funso la kafukufuku sizofanana kodi? Bwanji osangowerenga mutu basi?

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndipo yankho lake liyenera kutalikirapo. Mutu umangotchula dera la nkhani: "Chuku mu mtedza wa alimi ang'onoang'ono ku Mkanda, m'boma la Mchinji." Cholinga chimanena zimene munapita kukachita, monga kuyeza kapena kuyerekeza. Funso ndi chinthu chimene simunkachidziwa musanapite kumunda, chimene yankho lake likanatha kubwera mbali iyi kapena inayo. Munthu akhoza kuwerenga mutu ndi zolinga zinayi mosadodoma, komiti n'kukhalabe yosadziwa chimene iye ankafuna kudziwa.

Tiyeni tione mmene funso la mlangiziyu lingakulire. Poyamba akhoza kunena kuti: "Kodi chuku chimawakhudza bwanji alimi a mtedza ku Mchinji?" Funso limeneli silingayankhidwe ndi thesisi imodzi, chifukwa kukhudzako kungakhale pa thanzi, pa mitengo imene mavenda amagulira, kapena pa mbewu yosunga, ndipo Mchinji yonse sanaiyende. Lili ndi vuto linanso lobisika. Chuku ndi chimene chimamera pa mtedza, koma chimene chimadwalitsa anthu ndi poizoni amene mitundu ina ya chuku imatulutsa, wotchedwa afulatokisini, amene amaononga chiwindi ndipo satha ndi kukazinga kapena kuphika kwa masiku onse. Mtedza ukhoza kuoneka woyera bwino uli ndi poizoniyo. Ndiye ngati mlangiziyo anayeza poizoni ku labotale, funso litchule poizoniyo. Ngati anangowerenga njere zooneka zachuku ndi maso, asatchule poizoni ngati kuti anamuyeza.

Kachiwiri akhoza kunena kuti: "Kodi kuwaza madzi mtedza pouswa kumachititsa kuti poizoni achuluke?" Ili lawongokerapo, chifukwa latchula mchitidwe umodzi wodziwika: anthu amanyowetsa makoko kuti afewe, zala zisapweteke poswa ndi manja, ndipo chinyezi chimenecho chuku chimachikonda. Koma mawu akuti "kumachititsa" akulonjeza zambiri kuposa zimene anachita. Iye sanatenge mulu umodzi wa mtedza n'kuugawa pawiri, wina kuunyowetsa wina kuusiya, kuti aone kusiyana. Anangotola mtedza m'makomo mwa alimi amene amanyowetsa ndi amene sanyowetsa. Alimi a magulu awiriwa akhoza kusiyananso pa zinthu zina: wina anakumba mochedwa, wina anayanika pansi pa dothi, wina mtedza wake unakumana ndi ng'amba kumapeto kwa nyengo, zimene zimapatsa chuku mpata mtedza usanakumbidwe n'komwe. Woyesa akamva "kumachititsa" amalemba funso lake loyamba nthawi yomweyo.

Funso limene likugwirizana ndi ntchito imene inachitikadi ndi ili: "Kodi pali kusiyana pa kuchuluka kwa afulatokisini pakati pa mtedza wa mabanja amene amawaza madzi pouswa ndi wa mabanja amene amaswa wouma, m'dera la Mkanda, pa nyengo imodzi yokolola?" Latchula chimene chinayezedwa, magulu amene anayerekezedwa, malo, ndi nthawi. Likumveka laling'ono poyerekeza ndi loyamba lija, ndipo ophunzira ena amachita nalo manyazi, koma ndi lokhalo mwa atatuwa limene mwini wake angaliyankhe ndi tebulo la m'buku lake.

6. Mungatipatse chitsanzo cha chiyambi chonse, kuyambira malonje mpaka funso?

Nachi, m'Chichewa kuti kamangidwe kake kaoneke bwino. Za chiyankhulo cha tsikulo onani funso 9.

"Zikomo a Wapampando ndi akuluakulu a komiti. Dzina langa ndine uje, ndipo ndikuteteza thesisi ya digiri yachiwiri imene ndalemba moyang'aniridwa ndi a Dokotala uje. Ndimagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi ku Mkanda, m'boma la Mchinji, kumene kafukufukuyu anachitikira, ndipo ndifotokoza mmene ndinasamalira mbali imeneyi ndikafika pa njira zofufuzira.

Mtedza ku Mkanda ndi chakudya komanso ndi ndalama. Mabanja ambiri amauswa ndi manja, ndipo ena amayamba auwaza madzi kuti makoko afewe. Ndi zodziwika kale kuti chinyezi chimathandiza chuku chimene chimatulutsa afulatokisini. Chimene sindinachipeze m'zolembedwa zimene ndinawerenga ndi muyezo wa poizoniyu mu mtedza umene mabanja a dera limeneli amasunga kuti adye okha. Choncho funso langa linali lakuti: kodi pali kusiyana pa kuchuluka kwa afulatokisini pakati pa mtedza wa mabanja amene amawaza madzi pouswa ndi wa mabanja amene amaswa wouma, pa nyengo imodzi yokolola? Ndifotokoza mmene ndinasankhira mabanja ndi kuyezera mtedza, zimene ndinapeza, ndi malire a zimene ndinganene."

Onani kuti sananene kuti palibe amene anafufuzapo nkhaniyi. Za afulatokisini mu mtedza wa ku Malawi zalembedwa zambiri, ndipo n'kutheka kuti woyesa wochokera kunja uja anasankhidwa chifukwa analembapo zomwezo. Kunena kuti "sindinachipeze m'zimene ndinawerenga" ndi chilungamo chimene mungachiteteze, pamene kunena kuti "palibe" ndi kudziika pa msampha nokha.

7. Kodi ndiulule yankho la funsolo pachiyambi pomwe, kapena ndilisunge mpaka kumapeto?

Difensi si nthano yoti anthu adikire kuti kalulu athera kuti, ndipo monga zanenedwa pa funso 2, oyesa akulidziwa kale yankho lanu. Ine ndimalangiza kuti mulinene m'chiganizo chimodzi mukangotha funso, mwachitsanzo kuti mtedza wa gulu lina unapezeka ndi poizoni wochulukirapo, kapena kuti kusiyana sikunaoneke. Phindu lake ndi lakuti nthawi ikakutherani musanafike kumapeto, komiti imakhala itamva kale chinthu chachikulu kuchokera pakamwa panu. A supavaiza ena sakonda zimenezi ndipo amafuna ndondomeko ya buku itsatidwe mutu ndi mutu. Ngati anu ndi otero, atsatireni, chifukwa ndi iwo amene akudziwa mwambo wa dipatimenti yawo.

Ngati kusiyana sikunaoneke, musapepese. Limenelo ndi yankho la funso limene munafunsa.

8. Funso langa linasintha kuchokera pa limene ndinalemba mu pulopozo. Ndinene liti?

Nenani limene lili mu thesisi imene oyesa ali nayo m'manja, ndi mawu ofanana ndi amene ali m'mutu woyamba wa bukulo. Musanapite, tsegulani malo atatu: chidule cha kumayambiriro, mutu woyamba, ndi mutu womaliza. Kawirikawiri mupeza kuti funso lalembedwa mosiyana m'malo atatuwa, chifukwa mutu woyamba unalembedwa musanapite kumunda ndipo womaliza munaulemba patapita miyezi yambiri. Mukapeza kusiyana, kambiranani ndi a supavaiza difensi isanafike, ndipo musayese kukonza cholakwacho mwakachetechete pongonena funso latsopano pakamwa, chifukwa oyesa adzaona kuti zimene akumva si zimene anawerenga.

Ngati kusinthako kunali kwakukulu, kutchuleni m'chiganizo chimodzi pamodzi ndi chifukwa chake. Tinene kuti mlangizi uja ankafuna kuyerekeza Mkanda ndi Kapiri pa nyengo ziwiri, koma ndalama zoyezera ku labotale zinangokwanira dera limodzi ndi nyengo imodzi. Anene choncho mosabisa. Ngati kusinthako kunakhudza anthu ofunsidwa kapena zimene anatola kwa iwo, akhalenso wokonzeka kuonetsa kuti komiti yopereka chilolezo cha kafukufuku inadziwitsidwa.

9. Difensi ndi ya m'Chingerezi. Ndiloweze pamtima kapena ndiwerenge papepala?

Yambani ndi kulinena funso lanu m'Chichewa kwa munthu amene sadziwa za maphunziro anu, kaya ndi amayi anu kapena mnzanu wa kuntchito. Akakufunsani kuti, "Ndiye mumafuna mudziwe chiyani kwenikweni?", dziwani kuti funsolo silinapsebe, ndipo mawu akuluakulu a Chingerezi angobisa vutolo kwa inu nokha, osati kwa komiti. Akakubwezerani funsolo m'mawu awoawo molondola, pamenepo mukhoza kulikonza m'Chingerezi.

Zoloweza ndi ziwiri zokha: chiganizo choyamba, kuti mawu atuluke pamene mtima ukugunda kwambiri, ndi funso la kafukufuku, chifukwa liwu lililonse m'menemo lili ndi ntchito, monga taonera pa funso 5. Zotsalazo muzidziwe ndondomeko yake koma muzinene m'mawu amene akubwera. Woloweza tsamba lonse akaiwala liwu limodzi amaima ngati galimoto yothera mafuta pa msewu, ndipo amayambiranso pa malonje. Kapepala kakang'ono m'manja si cholakwa, bola maso azikhala kwa anthu pamene mukunena funsolo. Mayina ovuta kutchula, monga a poizoni uja, ayesereni mokweza kangapo. Mawu a Chichewa amene alimi amagwiritsa ntchito, monga nsinjiro kapena nkhokwe, mukhoza kuwatchula momwemo ndi kuwamasulira kamodzi, makamaka ngati woyesa wina si wa kuno.

10. Pa silaidi zoyamba pakhale chiyani, nanga magetsi akazima kapena intaneti ikadula nditani?

Silaidi yoyamba ikhale ndi mutu, dzina lanu, digiri, dzina la a supavaiza ndi tsiku. Musaiwerenge yonse mokweza, chifukwa komiti yaiwerenga kale pamene mumalumikiza laputopu. Funso la kafukufuku likhale pa silaidi yakeyake, m'zilembo zazikulu, popanda china chilichonse, ndipo mukalinena mukhale chete pang'ono kuti oyesa aliyerekeze ndi zimene analemba. Chithunzi chimodzi cha anthu akuswa mtedza chimathandiza kuposa ndime yaitali yolembedwa, koma nkhope zisaoneke ngati eni ake sanalole.

Sungani silaidi zanu pa fulashi ngati PowerPoint komanso ngati PDF, ndipo musindikize mapepala okwanira aliyense wa m'komiti. Chiyambi chokonzedwa bwino sichidalira pulojekita, moti magetsi akazima pemphani chilolezo kwa wapampando kuti mupitirize ndi mapepalawo. Ngati mukuyesedwa pa intaneti muli kuno, yesani netiweki ya chipinda chimenecho pa ola lomwelo dzulo lake, ndipo ngati ikuvuta pitani pa boma kapena ku Kamwendo kumene mwaona nokha kuti ikugwira. Ikadula muli pakati pa chiyambi, mukalowanso funsani pamene anasiyira kukumvani. Ngati funso la kafukufuku linadukira pakati, libwerezeni lonse.

11. Nanga woyesa akandidula mawu ndisanamalize chiyambi?

Zimachitika, ndipo mawu amene wakudulirani amakuuzani chimene chalakwika. Akati mufike pa nkhani, ndiye kuti malonje kapena mbiri ya dera yatalika. Lumphani zonse mupite pa silaidi ya funso, osapepesa kambirimbiri. Akafunsa kuti funso lanu ndi liti kwenikweni, ndiye kuti mwawerenga mutu ndi zolinga osanena funso, kapena mwalinena mosiyana ndi la m'buku. Linenani monga munaliloweza, ndi kutchula tsamba limene lili. Akagwira liwu limodzi, monga kufunsa mlangizi uja ngati akunena chuku kapena poizoni, yankhani liwu lomwelo m'chiganizo chimodzi: munayeza chiyani, ndi chida chanji. Funso likakhala la njira zofufuzira, monga chifukwa chimene munasankhira midzi yakutiyakuti, mukhoza kupempha mwaulemu kudzera kwa wapampando kuti muliyankhe mukafika pa gawo limenelo, ndipo mulilembe pa kapepala kanu pomwepo kuti mukafikapo muyambe ndi lomwelo.